Tsamba Limodzi, Mphindi Imodzi: Mbiri ya Maonekedwe a Sikiripiti ya Filimu

Munthu akagwira sikiripiti ya filimu ya ku Hollywood kwa nthawi yoyamba, chimene chimamudabwitsa si nkhani yake ayi, koma kuwononga mapepala. Zilembo zake n'zotambalala ngati za taipi yakale ya ku boma. Mawu a anthu olankhula amapanikizana pakati pa tsamba, kumanzere ndi kumanja kuli mbee. Mizere ina ndi ya zilembo zikuluzikulu zokhazokha, ndipo imayamba ndi mawu odulidwa, `INT.` kapena `EXT.`, ngati kuti wolembayo anali pachangu. Mapepalawo amaboola mabowo atatu, koma mwambo wake ndi wakuti timisomali tamkuwa timalowa m'mabowo awiri okha, lapamwamba ndi lapansi, lapakati n'kusiyidwa lopanda kanthu. Wophunzira watsopano amangouzidwa kuti malamulo ndi amenewo, aloweze. Koma malamulowa sanagwe kumwamba. Lililonse linabadwa pa vuto lenileni la ndalama, la nthawi kapena la makina, ndipo magawo atatu a tsambali, mutu wa sini, mizere ya zochitika ndi mawu olankhulidwa, sanabadwe tsiku limodzi. Woyamba kubadwa ndi mutu wa sini.

Mafilimu oyambirira sankafuna zolemba zambiri. Pamene Edwin S. Porter ankapanga The Great Train Robbery mu 1903, filimu yonse inali ya mphindi pafupifupi 12, ndipo nkhani yotere munthu akhoza kuisunga m'mutu kapena pa pepala limodzi. Kwa zaka zingapo malonda a mafilimu ankayezedwa ndi mkombero umodzi wa filimu, wotalika mafiti 1,000. Wotsogolera kujambula ankatenga anthu ake, kamera ndi chidule cha nkhani, n'kukaganizira zina zonse ali komweko. Zinkatheka chifukwa filimu inali yaifupi ndipo yolakwika sinkaluzitsa zambiri.

Zinthu zinasintha mafilimu atayamba kutalika ndi kudula. Apa ndi pamene dzina la Thomas H. Ince limalowera. Cha m'ma 1912 Ince ankayendetsa malo aakulu ojambulira m'mphepete mwa nyanja, kufupi ndi Santa Monica ku California, amene anthu anawatcha Inceville. Anali ndi akavalo, ngolo ndi anthu a chionetsero cha Miller Brothers 101 Ranch, onse ofuna malipiro ndi chakudya kaya kamera yazungulira kaya ayi. Posakhalitsa Ince analeka kujambula yekha filimu iliyonse, n'kuyamba kuyang'anira magulu angapo ojambula nthawi imodzi. Munthu mmodzi sangakhale m'mapiri ndi m'situdiyo pa ola lomwelo, choncho anafunika chinthu chomuyimira, ndipo chinthucho chinali pepala. Iye ndi alembi ake, wodziwika kwambiri C. Gardner Sullivan, ankakonza sikiripiti yofotokoza filimu yonse kamera isanatulutsidwe m'bokosi. Chidutswa chilichonse chojambula chinali ndi nambala. Kutsogolo kunkakhala mndandanda wa anthu a m'nkhaniyo ndi mndandanda wa malo, a m'kati payekha, a panja payekha, ndipo pambali pa malo aliwonse pankalembedwa manambala a zidutswa zonse zochitikira pamenepo. Ince sanali yekha m'njira imeneyi, makampani ena ankalowera komweko, koma zolemba za kwa iye ndi zimene akatswiri a mbiri ya mafilimu, monga Janet Staiger, anazifufuza kwambiri.

Nzeru yake inali yakuti filimu sijambulidwa motsatira nkhani. Ngati nkhani ili ndi masini asanu ndi awiri m'nyumba imodzi yomwera mowa, obalalika kuyambira koyamba mpaka kumapeto, n'kupusa kumanga nyumbayo kasanu n'kawiri. Umaimanga kamodzi, n'kujambula onsewo motsatizana. Kuti kalaliki athe kuwasonkhanitsa mwachangu, sini iliyonse iyenera kunena pamwamba pake zinthu zitatu: m'kati kapena panja, malo ake, ndi nthawi. Mutu wa sini wa lero ndi womwewo. `INT.` ndi m'kati, `EXT.` ndi panja, kenako dzina la malo, kamzere, ndiyeno `DAY` kapena `NIGHT`. Mawu otsirizawa m'masiku a mafilimu osalankhula ankakhudzanso anthu otsuka filimu, chifukwa masini ambiri a usiku ankajambulidwa dzuwa likuswa mtengo, kenako filimuyo n'kuiviika mu utoto wabuluu. Lero mawu akuti `NIGHT` pa sini ya panja amatanthauza magetsi, majenereta ndi anthu ogona masana. N'chifukwa chake akatswiri amanyinyirika mlembi akalemba nthawi zosiyanasiyana zandakatulo pamutu wa sini. Wokonza ndondomeko akufuna kudziwa chinthu chimodzi, ngati aitanitse galimoto ya magetsi kapena ayi. Mbandakucha ndi chisisira amazilola pokhapokha nkhani ikuzifunadi, pakuti kuwala kotero kumatha pa mphindi zochepa ndipo ukakuphonya udikira mawa.

M'masikiripiti a nthawi imeneyo mawu olankhulidwa analibe nyumba yawoyawo. Zimene munthu wanena zinkaoneka pa makadi olembedwa olowetsedwa pakati pa zithunzi, ndipo kulemba makadiwo inali ntchito ya akatswiri ake. Pamwambo woyamba wa mphoto za Academy mu 1929 panali mphoto ya mlembi wa makadi otere. Anaitenga Joseph Farnham, ndipo sinaperekedwenso, popeza ntchitoyo inali itayamba kale kufa. The Jazz Singer ya kampani ya Warner Bros., yokhala ndi mawu omveka, inali itatuluka mu 1927, Lights of New York, yolankhula kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mu 1928.

Kubwera kwa mawu kunabweretsa zinthu ziwiri pa tsamba. Choyamba chinali funso la poika zolankhula. Masitudiyo analemba ntchito alembi a zisudzo ndi atolankhani ochokera ku New York, ndipo kwa zaka zingapo aliyense ankayesa zake. Ena ankagawa tsamba pawiri, zooneka mbali ina, zomveka mbali ina. Ena ankatsata kalembedwe ka zisudzo za pa siteji. Situdiyo iliyonse inali ndi chipinda cha otaipa okonza masikiripiti m'kalembedwe ka pamalopo, choncho tsamba la ku MGM silinkafanana kwenikweni ndi la ku Warner. Pang'ono ndi pang'ono njira imodzi inapambana: dzina la wolankhula m'zilembo zikuluzikulu chapakati, mawu ake pansi pake mu mzati wopapatiza. Ubwino wake umaoneka ukaima kumbuyo kwa munthu wazisudzo akusanthula masamba. Diso lake limatsika pakati pa tsamba n'kupeza dzina lake osawerenga china chilichonse, ndipo malo oyera a m'mbali amalandira zolemba za pensulo za wojambula mawu, za wotsogolera, ndi za munthu uja amene ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti kapu imene inali kudzanja lamanja dzulo isapezeke kumanzere lero.

Chachiwiri chinali liwiro. M'mafilimu osalankhula kamera inkapukusidwa ndi dzanja ndipo woonetsa ankatha kuthamangitsa kapena kuchedwetsa makina. Mawu sangalole zimenezo, chifukwa ukasintha liwiro mawu a munthu amasanduka a chule kapena a mbewa. Liwiro linakhazikika pa zithunzi 24 pa sekondi, kutanthauza mafiti 90 a filimu pa mphindi. Kuyambira pamenepo mphindi inakhala ndi mtengo wodziwika, ndipo panafunika njira yodziwira mphindi za filimu poyang'ana mapepala okha.

Yankho linali m'taipi momwe. Zilembo za taipi zofala kwambiri zinkalowa khumi pa inchi imodzi, kaya ndi `i` wowonda kaya `m` wonenepa, ndipo mizere inkalowa isanu ndi umodzi pa inchi. Pepala la ku America ndi la mainchi 8.5 m'lifupi ndi 11 m'litali. Ukasiya inchi imodzi pamwamba ndi ina pansi, umatsala ndi mizere pafupifupi 54. Kumanzere amasiya inchi ndi theka, kuopa kuti timisomali tija tingadye mawu, kumanja inchi imodzi, motero mzere wa zochitika umanyamula zilembo 60. Mzati wa zolankhula umayamba pa mainchi 2.5 kuchokera m'mphepete ndipo umanyamula zilembo pafupifupi 35. Kusiyana kwa 60 ndi 35 ndiko mtima wa kuyezaku. Kulankhula kumadya nthawi mawu ali ochepa, ndiye kuwapanikiza mu mzati wowonda kumawatalikitsa pa tsamba, mpaka tsamba la zolankhula ndi tsamba la zochitika zimayandikirana pa nthawi. Pafupifupi tsamba limodzi, mphindi imodzi. Zilembo za Courier, zimene Howard Kettler anakonzera kampani ya IBM cha m'ma 1950, zinabwera mwambo utakhazikika kale, koma zinkasunga muyezo womwewo wa khumi pa inchi pa saizi 12, ndipo ndi zimene zinawoloka nawo kulowa m'makompyuta.

Muyezowu usamatengedwe ngati sikelo ya pachipatala. Umagwira ntchito pa sikiripiti yonse, osati pa tsamba lililonse, ndipo nthawi zina umaphonya kotheratu. Sikiripiti ya Aaron Sorkin ya The Social Network inapitirira masamba 160 koma filimu inatha m'maola awiri, chifukwa anthu ake amalankhula ngati akuthamangitsidwa. All Is Lost ya J. C. Chandor, ya mu 2013, ya munthu mmodzi m'bwato pafupifupi osalankhula, inali ya masamba ongopitirira pang'ono 30 koma filimu inaposa ola ndi theka.

Mizere ya zochitika ndiyo inasintha mochedwa, ndipo inasinthidwa ndi khoti. Mu 1948 Khoti Lalikulu la ku America linagamula mlandu wa boma ndi kampani ya Paramount pamodzi ndi anzake, ndipo masitudiyo aakulu anakakamizika kulekana ndi nyumba zawo zoonetsera mafilimu. Wailesi yakanema nayo inali ikuwalanda anthu. M'zaka zotsatira masitudiyo anachepetsa anthu olembedwa ntchito yokhazikika, alembi nawo momwemo. Sikiripiti imene kale inali kalata ya m'kati mwa fakitale, yochokera ku ofesi ina kupita ku ofesi ina, inasanduka katundu wotsatsa. Mlembi ankailemba kunyumba n'kuipereka kwa anthu oti aikonde kaye: wosonkhanitsa ndalama, wotsogolera, wazisudzo wotchuka. Anthu otere safuna kuwerenga manambala a zidutswa ndi malangizo a kamera, ndipo wotsogolera sakondwa kuuzidwa ndi mlembi poimika kamera. Choncho sikiripiti inayamba kugawidwa potsata malo ndi nthawi basi, osati potsata kamera. Manambala anachoka, n'kumadikira tsiku limene filimu yavomerezedwa kujambulidwa. Mzere wa zochitika unasanduka nkhani yowerengeka, ngakhale unasunga malamulo ake akale: umalembedwa m'nthawi ya tsopano, umanena zokhazo zimene diso lingaone ndi khutu lingamve, ndipo dzina la munthu limalembedwa m'zilembo zikuluzikulu pamene waonekera koyamba, kuti wosankha azisudzo amuwerenge.

Pa msika umenewu mpamene alembi anayamba kumveka mawu awo. William Goldman anagulitsa Butch Cassidy and the Sundance Kid pa madola 400,000 cha kumapeto kwa m'ma 1960, atailemba mocheza ndi wowerenga. Joe Eszterhas analandira madola 3 miliyoni pa Basic Instinct mu 1990. Mitengo yotere inakopa anthu zikwizikwi kuyesa mwayi, milu ya masikiripiti n'kudzaza maofesi, ndipo owerenga otopa anapeza njira yachidule yosefera: tsamba looneka molakwika ndi la munthu wosadziwa ntchito. Ndikuona kuti kuuma kwa malamulo a lero kunachokera apa kwambiri kuposa ku Inceville. Mabuku ophunzitsa, monga la Cole ndi Haag lotchedwa The Complete Guide to Standard Script Formats, ndi The Hollywood Standard la Christopher Riley, amene anagwirapo ntchito m'chipinda chokonza masikiripiti ku Warner Bros., anasandutsa chizolowezi cha otaipa kukhala katekisimu wa obwera kumene. Akatswiri odziwika amaswa malamulowa mmene afunira, palibe wowafunsa.

Kuti tione mmene zigawo zitatuzi zimagwirira ntchito pamodzi, nayi sini yanga yongoyerekeza:

```
INT. GOLOSALE YA NAMBEWE - NIGHT

Kandulo ikuyaka pa kauntala. NAMBEWE (50) akuwerenga
makobidi. Wina akugogoda pachitseko.

                      NAMBEWE
          Tatseka.

                      CHIKONDI (O.S.)
          Ndine, amayi.

Nambewe akukankhira makobidi m'chitini, akuchibisa pansi pa
kauntala. CHIKONDI (22) akulowa, chikwama paphewa.

                      NAMBEWE
                (osamuyang'ana)
          Unati ubwera Loweruka.
```

Chizindikiro cha `(O.S.)` chikunena kuti Chikondi ali pamalopo koma kamera sikumuona. Akanakhala kuti akufotokoza nkhani ali kwina, kapena tikumva za m'mutu mwake, tikanalemba `(V.O.)`, ndipo kusiyanaku si kwachabe: woyambayo kawirikawiri amaitanidwa tsiku lojambula, wachiwiriyo akhoza kukajambulidwa mawu m'situdiyo miyezi itapita. Kamawu ka m'mabulaketi pansi pa dzina la Nambewe n'kololedwa chifukwa kakusintha tanthauzo la mzerewo. Kakanakhala kongouza wazisudzo kuti akwiye pamene mawu akuonetsa kale mkwiyo, iye akanakafufuta ndi pensulo asanayambe n'kuloweza.

Sini imeneyi ikafika kwa wothandiza wamkulu wa wotsogolera, amene amakonza ndondomeko yojambulira, iye saiwerenga ngati nkhani. Amaiyeza. Tsamba amaligawa pasanu n'patatu, chigawo chilichonse mizere pafupifupi isanu ndi iwiri. Sini yathu ili ndi mizere 17, kuwerenga ndi yopanda kanthu yomwe, ndiye amailemba kuti ndi 3/8 ya tsamba, poti kotsalako amakakwezera m'mwamba. Kenako amatola zofunika: azisudzo awiri, kandulo, makobidi, chitini, chikwama. Zonsezi zimapita pa kamzere kamodzi ka bolodi la ndondomeko, limene kale linali la timakatoni toonda tamitundu, lero lili pakompyuta. Tiyerekeze kuti gululi limatha masamba anayi pa tsiku. Iye adzasonkhanitsa masini onse a m'golosale mpaka akwane 32/8, ndiye tsiku limenelo ladzaza.

Zolakwika za mlembi zimaonekera pa bolodi lomweli. Akalemba `GOLOSALE YA NAMBEWE` pa tsamba 4, n'kulemba `SITOLO` pa tsamba 31 akunena malo omwewo, pulogalamu idzawerenga malo awiri, ndipo wina akhoza kuyamba kufunafuna nyumba yachiwiri. Chikondi akatuluka kukaima pakhonde mlembi osaika mutu watsopano wa `EXT.`, sini ya panja usiku imabisala m'mimba mwa sini ya m'kati, magetsi ake osawerengedwa. Mwana wa Chikondi akakhala m'chipindamo koma osalankhula ndiponso osatchulidwa m'mizere ya zochitika, palibe amene adzamuitane tsikulo. Ndipo mlembi akalemba kuti Nambewe akukumbukira mmene mwana wake anamubera chaka chatha, walemba chinthu chimene kamera singachigwire. Kubisa chitini kuja n'kumene kukunena zimenezo. Palinso msampha wa mbali ina. Mawu akuti "golosale ikupsa" ndi mzere umodzi, 1/8 pa bolodi, koma akhoza kudya usiku wathunthu ndi gawo lalikulu la ndalama. Mlembi wodziwa amapatsa chochitika chachikulu malo ofanana ndi nthawi yake, n'kuchidula m'tindime tating'ono ta mizere itatu kapena inayi. Kandime katsopano kalikonse kamauza wowerenga kuti diso lasunthira pena, ndipo umu ndi mmene alembi a lero amalozera kamera osaitchula.

Filimu ikavomerezedwa, manambala a Ince amabwerera. Sini iliyonse imalandira nambala kumanzere ndi kumanja kwa mutu wake, ndipo masamba amatsekedwa, kutanthauza kuti nambala siisinthanso. Sini yatsopano yolowa pambuyo pa 12 imatchedwa `12A`. Yochotsedwa imasiya nambala yake ndi liwu lakuti `OMITTED`. Tsamba likasefukira limabala `31A` m'malo mokankha masamba onse otsatira. Zosintha zimasindikizidwa pa mapepala amitundu motsata dongosolo lodziwika, oyera poyamba, kenako abuluu, apinki, achikasu, obiriwira, ndipo mzere uliwonse wosinthidwa umakhala ndi kanyenyezi m'mphepete mwa kumanja. Chiyambi chake n'chodziwikiratu kwa aliyense amene anagwirapo ntchito ndi sitensulo: kutaipanso masamba zana chifukwa cha mzere umodzi kukanatha sabata, ndiponso anthu a zovala, a magetsi ndi a zomangamanga anali atalemba kale zawo potsata manambala akale.

Makompyuta sanasinthe chilichonse cha maonekedwewa, anangowatengera. Pulogalamu ya Scriptor ya kumayambiriro kwa m'ma 1980 inkathandiza kudula masamba, ntchito yotopetsa yoika `(MORE)` pansi pamene mawu a munthu adukira pakati ndi `(CONT'D)` pambali pa dzina lake pa tsamba lotsatira. Final Draft inabwera kumayambiriro kwa m'ma 1990 n'kukhala yofala kwambiri. Mu 2012 mlembi John August ndi Stu Maschwitz analengeza Fountain, njira yolembera sikiripiti m'mawu wamba opanda zokongoletsa. Pulogalamu ikaona mzere woyamba ndi `INT.` kapena `EXT.` imadziwa kuti ndi mutu wa sini, ikaona mzere wa zilembo zikuluzikulu wotsatiridwa ndi mawu imadziwa kuti ndi dzina la wolankhula. Zimenezi zikutheka chifukwa tsambalo linali litakonzedwa kale kuti kalaliki azilisanthula osaliwerenga.

Wolemba filimu m'Chichewa amapezana ndi muyezowu ali ndi zinthu ziwiri zosiyana ndi za ku California. Pepala lathu ndi A4, lowonda pang'ono komanso lalitali kuposa la ku America, choncho tsamba limanyamula mizere yochulukirapo pokhapokha utakulitsa malo opanda kanthu a pansi. Ndiponso lamulo la mphindi pa tsamba linayezedwa pa Chingerezi, pamene liwu lathu limodzi monga "sindinakuuzeni" limadya zilembo 14 mwa 35 za mzere, ndipo pafupifupi zilembo ziwiri zilizonse ndi kamphindi ka kutchula. Njira yodziwira ndi imene woyang'anira sikiripiti ku Hollywood amachitabe kujambula kusanayambe: kutenga wotchi, kuwerenga masamba khumi mokweza pa liwiro la azisudzo, kuchita ndi zochitika zomwe, kenako kugawa mphindizo ndi khumi.